Musalole chizindikiro cha tchanelo chidindike pa kanema wanu wa OLED

Malangizo awa ndi anu amene mwapachika kanema wa OLED mu bala, mu lesitilanti, pamalo ogona alendo kapena m'nyumba yoonetsera mpira kuno ku Kasungu. Kunyumba, kumene ana amaonera zawo, mayi zawo, bambo mpira, vutoli silibwera kawirikawiri. Limakonda pamalo a malonda, pamene kanema amayaka kuyambira m'mawa mpaka usiku ali pa tchanelo chimodzi. Ambiri munatulutsa ndalama yolemera, ena ya fodya wa chaka chonse wogulitsa ku Chinkhoma, ndiye zimandipweteka kuona sikirini yotere ikuwonongeka ndi zinthu zopeweka.

Yambani mwatsimikiza kuti kanema wanu ndi OLED ndithu. Wolembedwa QLED kapena LED ndi mtundu wina, uli ndi nyali kumbuyo imene imawalitsa sikirini yonse. OLED alibe nyali yakumbuyo. Sikirini yake ya 4K ili ndi timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, tonse pamodzi toposa 8 miliyoni, ndipo kadontho kalikonse kamadziyakira kokha. N'chifukwa chake mdima wake umakhala wakuda bii. Koma kadontho kalikonse kamakalambanso pakokha. Kakamayaka kwambiri, nthawi yaitali, komanso pamalo otentha, kuwala kwake kumatsika msanga. Sikirini yonse ikamakalamba mofanana simuona kanthu. Vuto limabwera pamene timadontho ta pakona, pomwe pamakhala chizindikiro cha tchanelo tsiku ndi tsiku, tatha mphamvu kuposa tinzake toyandikana nato. Mukasintha tchanelo, malowo amaoneka ngati chithunzithunzi cha chizindikiro chija.

Tiyerekeze malo ogona alendo m'mbali mwa msewu wa M1 pa Kasungu boma. Kanema wa mainchesi 55 amayatsidwa 8 koloko m'mawa, amazimitsidwa 10 koloko usiku. Maola 8 oyamba ali pa tchanelo cha nkhani, chokhala ndi chizindikiro pakona ndi mzere wofiira pansi wolembapo mitu. Madzulo ndi mpira, kabokosi ka zigoli ndi nthawi kali pamwamba kumanzere. Mzere wofiira uja wokha ukuyaka pamalo amodzi maola 240 pa mwezi, pa chaka maola 2,920. Kuzimitsa kanema usiku sikubweza maola amenewa. Amangowonjezekera, chifukwa timadontho sitichira tikapuma.

Mu 2018 akatswiri oyesa akanema a RTINGS ku Canada anayatsa akanema asanu ndi mmodzi a LG C7 maola 20 tsiku lililonse, akuonetsa zinthu zosiyanasiyana. Amene anadindika moonekera kwambiri anali oonetsa nkhani za CNN, makamaka amene kuwala kwake kunakwezedwa mpaka pamapeto, ndipo mtundu wofiira ndi umene unafooka msanga. Masikirini a masiku ano ndi olimbirapo kuposa amenewo, koma mdani sanasinthe: chinthu chowala, cha mtundu wakuthwa, chosasuntha.

Chitetezo choyamba chili kale m'kanemamo. Chimasuntha chithunzi chonse pang'ono pang'ono, timadontho towerengeka chabe, kuti m'mphepete mwa chizindikiro musagwere pa timadontho tomwetomwe. Pa LG chimalembedwa Screen Move, pa akale Screen Shift, ndipo pa atsopano chimapezeka mu OLED Care kenako OLED Panel Care. Pa Samsung ndi Pixel Shift mu Panel Care, pa Sony ndi Pixel Shift yomweyo. Chisiyeni choyatsa. Ena amachizimitsa ataona kamzere kakuda mbali imodzi ya sikirini kapena chithunzi chitapendekera pang'ono kumanja, n'kumati kanema wawonongeka. Sanawonongeke ayi, ndiyo ntchito yake.

Koma musachikhulupirire mopitirira. Pa sikirini ya mainchesi 55 kadontho kamodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Chithunzi chikasuntha timadontho tingapo, chayenda milimita imodzi kapena ziwiri. Mzere wofiira wa nkhani uja ndi wokhuthala ngati zala zitatu kapena zinayi. Timadontho ta pakati pake tili mu zofiira chithunzi chisanasunthe, tili mu zofiira chitasuntha. Choncho kusunthaku kumathandiza pa zilembo zoonda ndi mizere yopyapyala, ndipo pa chizindikiro chachikulu kumangofafaniza m'mphepete kuti chilema chisaoneke chakuthwa. Pakati pakutha ndithu.

Apa ndi pamene chitetezo chachiwiri chimalowera. Kanema amazindikira mbali ya chithunzi imene yakhala osasuntha, n'kuchepetsa kuwala pamalo pomwepo. Pa LG ndi Samsung atsopano muona Adjust Logo Brightness, pa LG akale Logo Luminance Adjustment, ndipo mumasankha pakati pa Off, Low ndi High. Kunyumba Low akukwana. Pamalo ngati athu a pa M1 aja ikani High, osakambirana. Mtengo wake ndi wakuti kabokosi ka zigoli kamazimirira pang'ono, nthawi zina ndi malo ochizungulira omwe, koma manambala amawerengekabe ndipo woonera mpira ali pa benchi lakumbuyo sazindikira n'komwe.

Kuchepetsa kuwala kwa chizindikiro kulibe phindu lenileni ngati sikirini yonse ikuwala mopyola. Akanema ambiri a pamalo a malonda amakhala pa Vivid chifukwa amakopa maso, ena anasiyidwa pa Store Mode kuchokera kusitolo. Bwezani ku Home Mode, sankhani Standard kapena Cinema, kenako pa LG tsitsani OLED Pixel Brightness, imene pa LG akale ndi OLED Light. Samalani, pa LG si Brightness wamba. Imeneyo imasintha kuda kwa mdima, siichepetsa mphamvu ya timadontho. Ineyo ndimati yambirani pakati, cha m'ma 50, mukwezeko pokhapokha ngati masana sizikuoneka. Ngati dzuwa la pa zenera ndilo likukukakamizani kukweza, ikani katani. Ndipo m'mwezi wa Okutobala, malata akamathetheka, kanema asakhale wopanikizika m'kabati kapena pafupi ndi denga. Siyani mpata kumbuyo mpweya uzidutsa.

Chachitatu sichili pa rimoti, chili m'manja mwa amene amakhala pakauntala. Munda wobzalidwa fodya chaka ndi chaka umaguga, n'chifukwa chake timasinthanitsa ndi mtedza kapena soya. Sikirini nayo imafuna kasinthasintha. Pamalo athu aja, maola 8 a nkhani agaweni. Onetsani nkhani m'mawa maola awiri, masana ikani filimu kapena nyimbo zodzaza sikirini yonse, madzulo nkhani ola limodzi pa tchanelo china chimene chizindikiro chake chili pakona ina. Mzere wofiira uja watsika kuchoka pa maola 240 kufika pa 60 pa mwezi. Palibe batani lililonse m'kanemamo limene lingakupatseni phindu lofanana ndi limeneli. M'chipinda mukakhala mopanda munthu, zimitsani. Kanema wongoyakira mipando akudya moyo wake pachabe.

Dikoda ili ndi misampha yake. Kanema akamaonetsa mapulogalamu a mkati mwake, amadziteteza chithunzi chikaima nthawi yaitali. Koma zochokera pa HDMI amangozilandira, mwina kuzizimiritsa pang'ono basi. Ndiye ndandanda ya mapulogalamu yosiyidwa pa sikirini, uthenga woti ndalama yatha pa dikoda, kapena chithunzi choima cha tchanelo cha wailesi pamene anthu akungomvera nyimbo tsiku lonse, zonsezi zimadinda. Ngati mukufuna mawu okha, akanema ambiri ali ndi Screen Off kapena Picture Off. Makwaya ndi mafilimu akale osiya mizere yakuda kumanzere ndi kumanja nawo amasiya chilema cha mtundu wina: pakati pamatha, m'mbali mukadali mwatsopano, ndipo malire ake amadzaonekera.

Tsopano mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse, chifukwa ndi imene chizolowezi chathu chabwino chimatipweteka nayo. Kuno timaopa magetsi obwera mwamphamvu akazima, timaopanso mphezi nyengo ya dzinja, choncho tikangozimitsa kanema timazula pulagi pa soketi. Pa kanema wina aliyense ndi nzeru. Pa OLED muli kuluza. Kanema wa LG akagwira ntchito maola anayi onse pamodzi, mukamuzimitsa ndi rimoti amayamba yekha kuyeza timadontho ndi kulinganiza mphamvu yopita ku kalikonse, sikirini ili yakuda. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa, nthawi zambiri zosapitirira khumi. Samsung ndi Sony nawo ali ndi kachitidwe kofanana. Mukazula pulagi nthawi yomweyo, kapena kuzimitsa jenereta kanema akadali woyaka, ntchitoyi siichitika. Ikadumphidwa tsiku limodzi palibe chovuta, adzaichita ulendo wotsatira. Ikadumphidwa miyezi, zithunzithunzi ndi mizere zimayamba kukhalira.

Konzani dongosolo lotsekera motere. Kanema akhale woyamba kuzimitsidwa, ndi rimoti. Kenako sesani, werengani ndalama, tsekani mazenera. Pakatha mphindi 15 ndiye zulani pulagi kapena zimitsani jenereta ndi inveta. Muuzeni mnyamata wotseka chifukwa chake, apo ayi adzabwerera ku zakale sabata isanathe. Ngati muli ndi gadi yodalirika yoteteza ku magetsi amphamvu, musiyeni kanema pa soketi usiku wonse, kupatula pamene kukuchita ziphaliwali.

Pali kuyeretsa kwina kwakukulu kumene mungayambitse nokha: Pixel Cleaning kapena Pixel Refresher pa LG, Pixel Refresh pa Samsung, Panel Refresh pa Sony. Pa akanema ambiri kumatenga pafupifupi ola. Si kochita sabata iliyonse. A Sony amalangiza kuti kusapitirire kamodzi pa chaka, ndipo LG ambiri amakuchita okha akakwanitsa maola 2,000. Kuyambitseni pokhapokha mwaona chilema chimene sichikuchoka, komanso pa nthawi imene mukudziwa kuti magetsi akhalapo mpaka kumalize.

Kuti mudziwe mmene sikirini yanu ilili, ikani pa fulashi zithunzi zitatu za mtundu umodzi wodzaza sikirini yonse: chotuwa ngati phulusa, chofiira, ndi chachikasu. Zionetseni usiku nyali zitazima, muyang'ane m'makona ndi pansi. Mukaona chithunzithunzi, musathamangire kudandaula. Onetsani zinthu zoyenda kwa kanthawi, zimitsani ndi rimoti, musiye pa soketi mpaka m'mawa. Chikachoka, chinali chongotsalira kwakanthawi, koma chakuchenjezani kuti kuwala kwachuluka. Chikakhalapobe pambuyo pa kuyeretsa kwakukulu kuja, timadontho tatha, ndipo palibe mmisiri wa pamsika amene angatidzutse. Chotsala ndi kusintha sikirini yonse, pa mtengo woyandikira wa kanema wina. Fulashi yomweyo muitenge pokagula OLED wogwiritsidwapo kale ntchito wochokera ku Joni, ndipo wogulitsa akakana kuti muyese, ndalama yanu isatuluke m'thumba.