Khungu lakuda nalonso limapsa ndi dzuwa: mmene mungasamalire matuza

Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la mu Lilongwe limaswa mtengo, koma ambiri timati kupsa nalo ndi vuto la azungu. N'zoona kuti khungu lakuda lili ndi melanini wambiri, amene amatchinga mbali ina ya cheza choopsa cha dzuwa. Koma satchinga chonse. Chosokoneza n'chakuti ife sitifiira kwenikweni, ndiye sitizindikira msanga. Malo opsawo amangoderako kuposa khungu lozungulira, amatentha ukawakhudza, amakhala ngati akukoka, ndipo malaya akakhudzapo pamawawa. Ululu umayamba patapita maola angapo, n'kukula tsiku lotsatira, ndipo pakatha masiku ochepa khungu limayamba kusupuka.

Kufika potuluka matuza sikuchitika kawirikawiri pakhungu lakuda, choncho zikachitika funsani chimene chafooketsa khungulo. Nthawi zambiri ndi mafuta oyeretsa khungu, kapena mankhwala ngati dokisisaikilini ndi Bakitirimu, omwe amapangitsa anthu ena kupsa msanga. Musasiye nokha mankhwala akuchipatala. Kawauzeni adokotala zomwe zachitika.

Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato pamsika wa Lizulu, amene amadzola mafuta oyeretsa ndipo wakhala pamtetete kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kutacha, wapeza timatuza tamadzi kumbuyo kwa khosi ndi pamapewa. Achite chiyani?

Choyamba, aziziritse malowo. Anyike kansalu koyera m'madzi ozizira a pampopi kapena a mumtsuko, n'kuikapo kwa mphindi 15 kapena 20, kangapo patsiku. Madzi oundana a m'firiji ayi, chifukwa amawonjezera kuvulaza khungu. Azimwanso madzi pafupipafupi, poti khungu lopsa limakoka madzi m'thupi. Ululu ukavuta, munthu wamkulu angamwe Panado wa mamiligalamu 500, mapiritsi awiri maola 6 alionse, osapitirira 8 patsiku.

Apa ndiye pagona nkhani: matuzawo asawaboole. Dzanja limayabwa kuti litenge singano kapena munga, koma kachikopa kapamwambako ndi kamene kakutchinga bala kuti tizilombo tisalowe pamene khungu latsopano likumera pansi. Angophimbapo ndi bandeji yoyera, momasuka, n'kuvala malaya a thonje osathina. Thuza likaphulika lokha, asambe m'manja, atsukepo pang'onopang'ono ndi madzi ndi sopo, apakepo vaselini pang'ono n'kuphimba, ndipo bandejiyo azisintha tsiku lililonse. Vaselini yemweyo asam'pake tsiku loyamba khungu likadali lotentha, chifukwa amatsekera kutenthako mkati. Alovera ndi wabwino pomwe papsa koma sipanatseguke. Za mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena phulusa, chonde ayi. Zimenezi sizipoletsa, zimangodetsa bala. Mafuta oyeretsa aja nawonso awasiye.

Matuza ang'onoang'ono amapola m'sabata imodzi kapena ziwiri. Koma akakhala aakulu kapena ambiri, akatuluka kumaso, kapena munthu akayamba kutentha thupi, kusanza, chizungulire ndi kusokonezeka mutu, apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya chapafupi kaya ku Bwaila. Chimodzimodzi mukaona mafinya, fungo, kapena kutupa ndi ululu zikukula m'malo mochepa. Mwana akatuluka matuza, ndiponso munthu wachialubino, musadikire n'komwe. Palinso matenda a pelagra, obwera munthu akamadalira nsima yopanda ndiwo zokwanira: khungu la m'khosi ndi la kunja kwa manja limada n'kung'aluka ngati lapsa, nthawi zambiri limodzi ndi kutsegula m'mimba. Amenewo safuna kansalu konyowa koma chipatala.

Bala likapola, pamatsala banga lakuda lomwe lingakhale miyezi, ndipo dzuwa limalidetsa kwambiri. Apa ndi pomwe ambiri amabwerera ku mafuta oyeretsa, n'kupsanso. Chothandiza n'kulibisa banga ku dzuwa. Mayi uja apeze ambulera yaikulu kapena kachisakasa pabenchi lake, chipewa chakhonde chophimba makutu ndi khosi, komanso malaya a manja aatali, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Ngakhale kuchite mitambo, cheza chija chimadutsabe. Ngati thumba likulola, agule mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa apo. Adzole mokwanira mphindi 15 asanatuluke, osaiwala makutu ndi kumbuyo kwa khosi, n'kubwereza maola awiri alionse kapena akatuluka thukuta kwambiri. Pamatuza kapena bala losapola asapakepo. Pamenepo angophimba ndi nsalu mpaka khungu litatsekeka.