Moni wa mu imelo ya makasitomala ambiri: konzani kaye mndandanda

Mukatumiza imelo imodzi kwa makasitomala 80 kudzera pa BCC, onse amalandira moni wofanana, wa "Okondedwa kasitomala", ndipo aliyense amadziwiratu kuti kalatayo sanalembere iye. Chothetsa vutoli ndi Mail Merge ya mu Word, yomwe imatenga mayina mu Excel n'kutumizira aliyense imelo yakeyake kudzera mu Outlook.

Ntchito yaikulu ili mu Excel. Ambiri amangotenga dzina loyamba la munthu n'kuliika pa moni, monga mmene mapulogalamuwa anazolowerera. Kwathu kuno zimenezo n'kupanda ulemu. Bambo wachikulire amene wakhala akugula mbewu kwa inu zaka zambiri sangakondwe kuona "Moni John" kuchokera kwa munthu wa msinkhu wa mwana wake. Ndiye pambali pa dzina ndi adiresi ya imelo, onjezerani kolamu ina, muitchule Moni. M'menemo lembani nokha, munthu mmodzimmodzi, mmene mumamutchulira akalowa mushopu: Bambo Phiri, Mayi Banda, Abusa Mwale, Dokotala Tembo. Mayi amene simukudziwa ngati amagwiritsa ntchito dzina la amuna awo kapena la kwawo, onani mmene anasainira uthenga wawo womaliza. Osangoganizira.

Mukatero tsegulani Word, pitani pa Mailings, kenako Start Mail Merge, musankhe E-mail Messages. Pa Select Recipients sankhani Use an Existing List n'kuloza fayilo yanu ija. Lembani mawu oti "Okondedwa", siyani mpata umodzi, ndipo pa Insert Merge Field musankhe kolamu ya Moni. Mzerewo uoneka chonchi:

```
Okondedwa «Moni»,
```

Musathamangire kutumiza. Dinani Preview Results muyendere mayina onse. Pamene danga linasiyidwa lopanda kanthu pamatuluka "Okondedwa ," ndipo amene walandira zotere amaona kuti ndi makina chabe. Bola moni wa aliyense uja. Ngati dzina la munthu simukulidziwa, lembani "Kasitomala wathu" m'dangamo. Mayina olembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha, monga PHIRI, amaoneka ngati akuchokera pa risiti, choncho akonzeni. Samalaninso ndi kusanja kolamu imodzi yokha mu Excel, chifukwa mayina amasemphana ndi maadiresi, Mayi Banda n'kulandira moni wa Bambo Phiri.

Yesani kaye ndi kamndandanda ka anthu atatu, adiresi yanu ndi za anzanu awiri a pantchito. Zikatuluka bwino, lozani mndandanda weniweni, mupite pa Finish & Merge, kenako Send Email Messages. Dzinalo likhale pa moni pokha. Mukalibwereza m'ndime iliyonse, owerenga amayamba kukayikira kuti mukufuna kuwanyengerera.