Momwe mungatsutsire akuluakulu pa nkhani ya banja osatchedwa wamwano

Ambirife amene timagwira ntchito ku Moatize kapena mu mzinda wa Tete, tikakwera shapa kubwerera kwathu ku Angonia, ku Tsangano kapena ku Makanga, timalakwitsa pawiri. Ena timafika n'kulankhula ngati tili mu ofesi, akuluakulu n'kutseka makutu. Ena timadzichepetsa mopyola, mpaka timabwerako titavomera zimene mtima ukukana. Ndifotokoza njira imene ndinatsata pa nkhani ya dimba la malemu mayi anga, kufupi ndi Ulongwe. Amalume ankafuna kulibwereketsa kwa wolima mbatatesi pa mametikali 8,000 pa chaka kwa zaka zitatu, chonsecho mlongo wanga amadyetsera ana ake pa dimba lomwelo.

Poyamba, moni

Imani m'mphepete mwa bwalo n'kunena kuti "Odi kuno!" Chipewa chikhale m'manja, foni m'thumba. Akakuyankhani n'kukupatsani pokhala, khalani kaye. Musapereke moni muli chiimire kwa munthu wamkulu amene wakhala pansi, chifukwa zimaoneka ngati mukumuyang'anira. Mwamuna amanjuta kapena kukhala pa mpando waufupi, mkazi amagwada kapena kukhala pa mphasa. Kawirikawiri eni khomo ndiwo amayamba kulonjera, ndiye musawatsogolere. "Bondiya" wa mu shapa uja musiyeni kumsewu.

Akakupatsani dzanja, lanu lamanzere ligwirizire mkono wamanja, kenako ombani m'manja pang'onopang'ono mukuti zikomo. Yankhani aliyense payekha, kuyambira wamkulu. Moni umodzi woponyera gulu lonse ndi wa pa msonkhano wa chipani.

Pa malonje musathamange. Nenani mmene mwayendera ndi mmene mwawasiyira a kunyumba, ndipo mvetserani zawo: amene akudwala, mmene mvula yagwera. Ngati kunagwa maliro inu kulibe, pepesani musanatchule china chilichonse. Ine ndinaiwalapo zimenezi ulendo wina, ndipo tsiku lonse azakhali ankangondiyankha kuti "eya", "kaya". Mukaona mayankho afupika chonchi, dziwani kuti pali chimene mwadumpha.

Powatchula, dzina lawo la ubwana musaliyese. Nenani kuti amalume, agogo, azakhali, kapena mfunda wawo: aPhiri, aMbewe, aNabanda, aNangozo. Iwo akhoza kukutchulani kuti iwe ngakhale muli ndi imvi, ndipo musakhumudwe nazo. Koma tcherani khutu, chifukwa akayamba kukutchulani inu kapena ndi mfunda wanu, ndiye kuti nkhani yanu ayamba kuiyesa ya munthu wamkulu.

Chachiwiri, aoneni paokha tsiku la msonkhano lisanafike

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Amalume ndi mwini mbumba. Akanena mawu pamaso pa alongo awo ndi adzukulu, kubweza kumawavuta ngakhale ataona kuti mukunena zoona, poopa kuchepa. Choncho musadikire kukawadzidzimutsa pagulu.

Ine ndinapita madzulo, nditanyamula shuga ndi sopo. Titatha malonje ndinati, "Amalume, ndamva kuti mawa tikamba za dimba. Ndati ndimve kaye kwa inu, ndisakasochere pagulu." Sindinatsutse kanthu usiku umenewo, ndinangofunsa. Ndipo m'pamene ndinadziwa kuti chimene chinkawasowetsa tulo ndi denga la agogo, limene linkadontha. Ndalama za dimbazo ankafuna kugulira malata mvula ya Novembala isanayambe. Ndikanalowa pa msonkhano osadziwa zimenezi, ndikanawayesa adyera, ndipo mawu anga akanatuluka ndi ululu womwewo.

Musanachoke, achenjezeni mwaulemu: "Ndili ndi ganizo losiyana pang'ono. Mukandilola, mawa ndidzaliponya."

Chachitatu, pa msonkhano penipeni

Lolani akuluakulu amalize onse. Mukadula mawu, zimene mwanenazo sizimveka, chimamveka ndi kudulako. Pakakhala bata, ombani m'manja n'kupempha: "Zikomo akuluakulu, ndingaponyepo mawu?" Dikirani akuvomereni.

Yambani ndi nkhawa yawo, m'mawu awo omwe. Ine ndinati, "Amalume anena zoona, agogo sangagone m'nyumba yodontha chaka chino." Atamva kuti ndawamva, mapewa awo anatsika.

Kenako nenani zanu poyera, kamodzi, ndi manambala. Ndinati, "Chimene chikundivuta n'chakuti alongo angawa amalima kabichi ndi matimati pamenepo. Chaka chatha anapezapo mametikali pafupifupi 20,000. Tikabwereketsa, tilandira 8,000, iwo ataya 20,000, ndipo zikhala choncho zaka zitatu. Ine sindikugwirizana nazo." Mawu otsirizawo ndi ofunika. Ambiri timawameza, n'kumazungulira ndi "mwina", "kapena", "kaya ndine sindinamvetse". "Mwina" mmodzi ndi ulemu. Akafika atatu, akuluakulu amaona kuti ngakhale mwini wake sakuikhulupirira mfundoyo.

Liwu likhale lotsika ndiponso losathamanga, koma lomveka mpaka kwa agogo amene makutu anayamba kulemera. Musaloze munthu chala. Musawatong'olere maso, komanso musamangoyang'ana nyerere pansi. Dzutsani nkhope pamene mukunena mfundo yeniyeniyo. Mawu akuti "mukunama" ndi "simukudziwa" asatuluke. Chipwitikizinso chichepe, chifukwa pa bwalo la kumudzi chimamveka ngati mukuwaonetsa sukulu.

Ndiyeno ikanipo dzanja lanu. Mwana amangokana, wamkulu amakana n'kusenzako katundu. Ndinati ndipereka 5,000 mwezi ukatha, ndipo mlongo wanga, amene tinali titapangana kale, anati awonjezera 3,000 akagulitsa kabichi. Musalonjeze zimene simungakwanitse. Mukalephera, msonkhano wotsatira adzakupatsani mpando koma khutu ayi.

Akakuuzani kuti ndinu mwana

Zimachitika. Agogo ena aamuna anandiponyera mwambi uja wakuti mawu a akulu akoma akagonera. Musabweze mwambi ndi mwambi, mungaoneke ngati mukupikisana nawo. Musayambenso kuwerengera zaka zanu kapena ndalama zimene mumatumiza. Ine ndinaomba m'manja n'kuti, "Zoonadi agogo, ndine mwana wanu. N'chifukwa chake ndabweretsa nkhaniyi kwa inu, sindinakaikambe kwina. Koma funso langa likadalipo: anawa adya chiyani zaka zitatuzi?" Funso lotere silinyoza munthu, koma limafuna yankho.

Chenjeraninso ndi mawu akuti "ndamva". Ife timawanena potanthauza kuti mawu alowa m'khutu, koma pa bwalo amawatenga ngati chivomerezo, ndipo mawa mudzamva kuti munagwirizana nazo. Ngati simunavomere, malizitsani: "Ndamva, koma mtima wanga sunakhazikike. Ndikupempha tigonere, tikumanenso Loweruka." Kupempha kugonera kumawapatsa mpata wosintha maganizo popanda manyazi.

Zonsezi n'za kwanu, kwa abale a magazi. Kwa apongozi n'kwina: kumeneko nkhani yolemera simuitula nokha, imadzera kwa ankhoswe.

Loweruka litafika, amalume ndiwo anatsegula nkhani. Anati aganiza kuti dimba likhale m'manja mwa mdzukulu wawo, mlongo wanga uja, ndipo malata agulidwa ndi ndalama zimene ana asonkhe. Analankhula ngati nzeruyo yachokera kwa iwo, osanditchula n'komwe. Ndinaomba m'manja pamodzi ndi onse, ndipo Lolemba ndinapita nawo ku Ulongwe kukafunsa mtengo wa malata.