Kuchepetsa antchito: ndondomeko ndi ndalama zanu

"Kampani yathu ikuti bizinesi siikuyenda, ena tichotsedwa. Ndagwira zaka 7. Zimayenda bwanji?"

Pepani achimwene. Choyamba, abwana asanatchule mayina, pemphani msonkhano, kudzera ku yuniyoni ngati ilipo. Akuuzeni chifukwa chake, malo angati akuthetsedwa, komanso ngati ena sangasamutsidwe ku nthambi zina. Zokambiranazo zilembedwe.

Chachiwiri, funsani mmene akusankhira anthu. Ena amayamba ndi amene analowa ntchito posachedwa, ena amayang'ana luso. Njirayo ikhale imodzi kwa onse. Kusankha munthu chifukwa ndi woyembekezera kapena ali m'yuniyoni n'kuphwanya lamulo. Ndipo mukaona kuti mwangochoka, pamalo panu alembapo wina, m'pofunika kukayika.

Kenako notisi: wolandira malipiro pamwezi amapatsidwa mwezi umodzi, kapena ndalama m'malo mwake.

Tsono ndalama yolipira zaka zomwe mwagwira, apa ndi pomwe ambiri amaponderezedwa. Lamulo la ntchito la ku Malawi la 2000, lomwe linasinthidwa mu 2010, limati zaka zisanu zoyambirira mulandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu. Chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata atatu. Kuyambira cha 11, masabata anayi. Inuyo ndi masabata 10 kuphatikiza 6, onse 16. Ngati pasabata pamabwera K100,000, ndiye K1,600,000. Penshoni ndi masiku a tchuthi omwe simunapite n'zapadera, asazisakanize.

Musasaine kalata yoti mwasiya nokha ntchito, ndalamayi ingakudutseni. Ngati simukukhutira, kadandauleni ku ofesi ya leba ya m'boma lanu miyezi itatu isanathe kuchokera tsiku lomwe mwachotsedwa ntchito.