Pulaka ikadonthanso, yambani mwaona pamene madzi amagona

Nyumba za pulaka, kapena kuti denga lafulati la konkire, zachuluka ku Ulongwe, ku Moatize ndi m'tauni ya Tete. Ambiri amathira pulakayo ndi cholinga chodzamanga chipinda china pamwamba ndalama zikadzapezeka. Dandaulo lake ndi limodzi: mmisiri anamata phula chaka chatha, mvula ya mu Januwale itangolimba madzi ayambanso kugwera pabedi.

Choyamba muyenera kudziwa ndi chakuti pamene madzi akudonthera m'nyumba si pamene alowera. Amalowa pakona kapena m'mbali mwa paipi, n'kuyenda pansi pa chomatacho mamita awiri kapena atatu, mpaka apeze mng'alu kapena kapaipi ka mawaya a magetsi. N'chifukwa chake nthawi zambiri amatulukira pa babu. Mukamata chigamba pamwamba pa babupo, ndalamayo mwataya.

Kwerani padenga tsiku lotsatira mvula itagwa, mutatenga choko. Paliponse pamene padakali chithaphwi pazungulizeni. Denga limene timati lafulati siliyenera kukhala lafulati ndithu. Lizitsetsereka masentimita 2 pa mita iliyonse kulowera kotulukira madzi. Ambiri amathira pulaka molingana ndi levulo chifukwa akuiona ngati pansi pa chipinda chodzamangidwa mtsogolo, ndipo pakati pake pamadzabwira pang'ono akachotsa mitengo yochirikiza. Madzi ogona pamenepo masiku atatu sangalephere kupeza kabowo.

Nanga mankhwala osakaniza mu simenti aja? Ntchito yake ilipo, koma anthu amawasenzetsa katundu amene sangamuthe. Amatseka timabowo tosaoneka ta mu konkire kuti madzi asamayamwike. Mng'alu sautseka. Ndipo kuno ming'alu siisowa, chifukwa cha dzuwa. Konkire ikatentha imafutukuka, ikazizira imabwerera. Pulaka ya mamita 10 ikasintha kutentha ndi madigiri 30 pakati pa masana ndi m'bandakucha, imatalika ndi kufupika pafupifupi mamilimita 3. Ku Tete mu Okutobala ndi Novembala, pamene mpweya wokha umapitirira madigiri 40, pamwamba pa pulaka sipapondeka ndi phazi. Kuyenda kwa tsiku ndi tsiku kumeneku kumang'amba pulasitala wouma gwaa, ngakhale munathiramo mankhwala odula. Ine ndimati mankhwalawa muwaike m'matope opendeketsera denga, koma musawadalire okha pa denga lalikulu lokhala padzuwa.

Chimene chimapirira kuyendaku ndi manta, nsalu yaphula yokulungidwa ija imene amamata ndi moto wa gasi. Tiyerekeze nyumba ya mamita 8 m'lifupi ndi 10 m'litali, yokhala ndi kampanda kozungulira m'mphepete mwa denga.

Mmisiri ayambe wachotsa zigamba zakale zonse mpaka konkire ionekere. Kenako athire matope a simenti, muyezo umodzi wa simenti pa miyezo inayi ya mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, akweze pakati kuti madzi azitsikira mbali ziwiri. Kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi mamita 4, ndiye pakatipo pakwere masentimita 8 kuposa kumapeto. Ngati kumapeto aika masentimita 3, pakati pakhale 11. Matope amenewa ndi olemera, choncho ngati pulakayo ndi yopyapyala kapena yabwira kale, munthu wodziwa za zitsulo aione kaye. Pamene denga likukumana ndi kampanda asasiye kona yakuthwa. Adzazemo matope n'kusalaza kuti pakhale pokhota bwino. Manta yopindidwa pakona yakuthwa imasiya mphako kuseri kwake, ndipo pamenepo ndi pamene imayambira kung'ambika.

Tsono apa ndi pamene changu chimaononga ntchito. Matopewo awathirire madzi kwa sabata, kenako aume ndithu. Pulaka yatsopano imafuna masiku osachepera 28. Kuti mudziwe ngati yauma, matani pepala la pulasitiki pakonkirepo ndi tepi mbali zonse, ligone usiku. M'mawa mukapeza thukuta kunsi kwake, dikirani. Mukamata pachinyezi, dzuwa limasandutsa madziwo nthunzi, nthunziyo n'kutukumula manta kukhala matuza. Thuza likaphulika kapena mwana akalipondapo, madzi apeza khomo. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya mu Ogasiti kapena Seputembala. Ku Angonia, kumene mvula imachuluka ndipo nkhungu imachedwa kuchoka, kumata mu Disembala chifukwa choti nyumba yayamba kudontha n'kudzinamiza.

Pakauma, asese fumbi, apake phula lamadzi lopyapyala limene limagwiritsa manta ku konkire, liume, ndiye ayambe kumata kuchokera kumunsi kukwera kumtunda, kuti mpukutu wapamwamba uzisanjika pa wapansi monga timachitira pofolera udzu.

Werengani mipukutu nokha. Umodzi nthawi zambiri umakhala mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali. Denga lathuli ndi masikweya mita 80, ndiye mwininyumba amagula mipukutu 8. Yachepa. M'mbali iyenera kusanjikizana masentimita 10, kumapeto 15, choncho mpukutu umodzi umangofunda malo ochepera masikweya mita 9. Iyeneranso kukwera kampanda masentimita 30, ndipo kuzungulira denga lonse ndi mamita 36, kutanthauza masikweya mita ena pafupifupi 11. Zonse pamodzi ikufunika mipukutu 11, wa 12 ukhale wa zigamba za m'makona ndi m'mapaipi. Mmisiri amene mwamupatsa 8 sakuuzani kanthu, amangochepetsa posanjikiza kufika zala ziwiri n'kuidula pansi pa kampanda. Mukafuna kudziwa ngati msoko wagwira, onani ngati m'mphepete mwake mwatuluka kamzere ka phula losungunuka. Pamene palibe, yesani kupisa nsonga ya supuni yomangira. Ikalowa, madzinso alowa.

Mutu wa manta pa kampanda usangomatidwa n'kusiyidwa. Aseme kangalande m'khomamo, aulowetsemo, atseke ndi matope. Kupanda kutero dzuwa limaufewetsa, umasendeka, ndipo mvula yotsika pakhoma imalowera kuseri. Pa paipi yotulutsa madzi, manta ilowe m'kati mwa paipiyo, ndipo pakamwa pake pakhale potsika kuposa denga. Ndimakumana ndi mapaipi ambiri oikidwa chala chimodzi pamwamba pa pulaka, madzi n'kumagona pomwepo. Ikaninso kasefa, masamba a mango asatseke.

Pali chinanso chimene ambiri safuna kumva: zitsulo zosiyidwa zitatulukira padenga kudikira chipinda chapamwamba. Madzi amatsika ndi chitsulocho, dzimbiri limachitupitsa, konkire n'kusweka. Palibe manta imene ingamatike bwino kuzungulira zitsulo zinayi zothithikana. Ziumbireni kachipilala ka konkire kozikwirira zonse, kosalimba kwambiri kuti kadzagumulike mosavuta, manta ikwere pa kachipilalako.

Musanamalize kulipira, tsekani mapaipi, dzazani madzi ofika masentimita 5 pamalo okwera, akhale masiku atatu mukuyang'ana kudenga m'nyumba. Pakapanda kunyowa, tetezani mantayo ku dzuwa. Yakuda yosaphimba imauma n'kuchita ming'alu. Gulani yokhala ndi timiyala kapena aluminiyamu pamwamba, koma ngati padengapo mudzayanikapo chimanga kapena kuikapo thanki, yalani pulasitiki n'kuthira matope ena a masentimita 4, odulidwa m'magawo a mamita awiriawiri kuti asang'ambike. Ndipo wodzaika dishi ya kanema mumuuze aimange pakhoma, asaboole denga.