Momwe mungawonkhetsere mapawa a maruti osasolova ikweshoni

Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa masamu ku Fomu 4, yemwe tsopano ali pasukulu yaukachenjede ya MUST kuno ku Thyolo, anandipeza ku Goliati tsiku la msika ali ndi pepala lodzaza mbali zonse ziwiri. Funso linali la ikweshoni x³ − 3x + 1 = 0. Ankafuna chiwonkhetso cha maruti ake atatu, ruti iliyonse itakwezedwa pawa 4. Maruti ndi manambala aja amene mukawaika m'malo mwa x ikweshoni imatuluka 0. Iye anayesa 1, anayesa −1, zonse zinakana, ndipo anathera usiku wonse akusaka maruti pakalikyuleta. Ndinamuuza kuti, "Iwe, funsoli silikufuna maruti, likufuna chiwonkhetso chawo basi." Tinatsamira kauntala ya golosale, ndipo tinamaliza ndi mizere inayi.

Njirayi imadziwika ndi dzina la Isaac Newton, ndipo inasindikizidwa m'buku lake la Arithmetica Universalis mu 1707, ngakhale Albert Girard anali atalemba kale za mapawa anayi oyambirira mu 1629.

Choyamba, konzani ikweshoni. Nambala ya kutsogolo kwa pawa yaikulu ikhale 1, ndipo mbali inayo ikhale 0. Ngati yayamba ndi 2x³, gawani chilichonse ndi 2 musanachite china. Mukatero ikhala motere:

```
x³ + ax² + bx + c = 0
```

Kachiwiri, lembani a, b ndi c pambali, aliyense ndi chizindikiro chake. Ngati pawa ina palibe, nambala yake ndi 0, ndipo muilembe ndithu.

Tsopano tigwirizane mayina. Maruti atatu owonkhetsedwa mmene alili tiwatche p1, masikweya awo owonkhetsedwa p2, makyubu awo p3, mpaka m'tsogolo. Malamulo a Newton ndi awa:

```
p1 + a = 0
p2 + a·p1 + 2b = 0
p3 + a·p2 + b·p1 + 3c = 0
p4 + a·p3 + b·p2 + c·p1 = 0
```

Mumatsika mzere umodzi umodzi, chifukwa mzere uliwonse umadalira mayankho a mizere ya pamwamba pake. Mabuku ambiri amalemba malamulowa ndi zizindikiro zosinthanasinthana, kuwonkhetsa apa, kuchotsera apo. Ine ndimakonda kalembedwe aka popeza monse ndi kuwonkhetsa, ndipo chizindikiro chimabwera chokha ndi nambala.

Musanakhulupirire njirayi, iyeseni pa ikweshoni yomwe maruti ake mukuwadziwa. Titenge x³ − 4x² + x + 6 = 0, yomwe maruti ake ndi −1, 2 ndi 3. Apa a ndi −4, b ndi 1, c ndi 6. Mzere woyamba ukupereka p1 = 4. Wachiwiri ukuti p2 − 16 + 2 = 0, choncho p2 = 14, ndipo masikweya 1, 4 ndi 9 akupangadi 14. Wachitatu ukuti p3 − 56 + 4 + 18 = 0, kutanthauza p3 = 34, chimodzimodzi ndi −1 + 8 + 27. Wachinayi ukuti p4 − 136 + 14 + 24 = 0, ndiye p4 = 98, ndipo 1 + 16 + 81 ndi 98 yomweyo.

Pamene ana asukulu ambiri amapunthwa ndi pa 2b ndi 3c paja, ndiye tiyeni tiimepo pang'ono. Tiyambe ndi 3c. Ruti iliyonse, tiitche r, imakwaniritsa ikweshoni, kotero r³ + ar² + br + c = 0. Lembani mzere umenewu katatu, kamodzi pa ruti iliyonse, n'kuwonkhetsa chotsika. Makyubu apanga p3, masikweya apanga a·p2, maruti apanga b·p1, ndipo c waonekera katatu. Apo ndi pamene pachokera 3c. Kuti mupeze mzere wa p4, chulukitsani mzere wa ruti iliyonse ndi r musanawonkhetse. Pamenepo c sakhalanso yekha, ali ndi r pambali, ndiye chiwonkhetso chake ndi c·p1, osati 4c. Kuyambira apa mizere yonse imafanana: p5 + a·p4 + b·p3 + c·p2 = 0, n'kumapita choncho.

Nanga 2b? Ameneyu amachokera kwina. Mukachulukitsa chiwonkhetso cha maruti ndi chiwonkhetso chomwecho, mumapeza masikweya atatu, komanso zochulukitsa za maruti awiriawiri, chilichonse kawiri. Zochulukitsa za awiriawirizo zikawonkhetsedwa zimapanga b. Ndi chifukwa chake pali 2, osati 3. Kuti musaiwale, nambala yochulukitsira mathero a mzere ndi nambala ya mzerewo, 1 pa a, 2 pa b, 3 pa c, ndipo makoefishenti, kutanthauza a, b ndi c, akatha imasowa.

Tibwerere kwa mnyamata uja. Mu x³ − 3x + 1 = 0 mulibe x², choncho a = 0, b = −3, c = 1. Poyesa koyamba iye analemba a = −3, chifukwa ndi nambala yomwe diso linayamba kuona, ndipo zonse zinasokonekera. Titakonza zinatuluka motere:

```
p1 = 0
p2 + 0 − 6 = 0, p2 = 6
p3 + 0 + 0 + 3 = 0, p3 = −3
p4 + 0 − 18 + 0 = 0, p4 = 18
```

Yankho ndi 18. Maruti enieni ndi pafupifupi 1.532, 0.347 ndi −1.879, manambala osatha omwe simungawalembe ngati fulakishoni. Mukawakweza pawa 4 mupeza pafupifupi 5.51, 0.01 ndi 12.47, zomwe zikupanga 17.99. Kalikyuleta inamusiya pafupi ndi yankho, koma malamulo a Newton anapereka 18 weniweni. Ichi n'chimene chimandikondweretsa mpaka lero, ndipo chimathandizanso kugwira zolakwa: pawa yaikulu ikakhala ndi 1 kutsogolo ndipo a, b ndi c ali manambala athunthu, p aliyense amatuluka wathunthu. Mukaona fulakishoni, bwererani m'mbuyo.

Nthawi zina p2 amatuluka wochepera 0. Mu x³ + x + 1 = 0, p1 ndi 0 ndipo p2 ndi −2. Apa simunalakwitse. Masikweya a manambala wamba sangawonkhetse kufika pansi pa 0, ndiye yankholi likukuuzani kuti maruti ena si manambala wamba koma a mtundu wa kompulekisi, ndipo njirayi imawawerengera limodzi ndi anzawo. Koma p2 akaposa 0 musafulumire kunena kuti maruti onse ndi wamba, umenewo si umboni. Samalaninso ndi ruti yobwereza: mu (x − 2)²(x − 1) = 0, nambala 2 imawerengedwa kawiri, kotero p1 ndi 5, osati 3.

Ikweshoni ikakhala ya x⁴, onjezani koefishenti yachinayi d. Mizere itatu yoyamba sisintha, wachinayi umathera ndi + 4d, ndipo wachisanu ndi d·p1. Pa x⁵ kupita m'tsogolo njirayi imakomanso kwambiri, chifukwa Niels Abel anatsimikiza mu 1824 kuti palibe fomula imodzi ya masikweyaruti ndi anzake yosolovera maikweshoni onse a pawa 5, pamene mizere ya Newton imangoonjezeka umodzi. Mukafuna kudziyesa, pitirizani funso la mnyamata uja mpaka p5. Muyenera kupeza −15.