Momwe mungalembere mawu a kavidiyo kolangiza ageni kusunga ndalama

Tinene kuti gulu lanu la banki m'khonde likufuna kavidiyo ka mphindi imodzi kolangiza eni maokala za kasungidwe ka ndalama. Kamera mulibe, ndiye mugwiritsa ntchito timavidiyo tojambulidwa kale ta pa intaneti, inu n'kungoikapo mawu.

Sankhani mfundo imodzi yokha, chifukwa mphindi imodzi sichedwa kutha. Ine ndimakonda yakuti mpamba ndi phindu zisamagone m'thumba limodzi, poti maokala ambiri amagwera pomwepo. Za ngongole ndi kugula katundu pa holoselo zidikire kavidiyo kena.

Musanalembe ngakhale chiganizo chimodzi, funani kaye zithunzizo. Pa masamba a pa intaneti a Pexels ndi Pixabay zilipo zaulere, koma mukalemba `saving money` mupeza madola okhaokha, anthu ovala masuti m'maofesi a magalasi, ndi kankhumba kadothi kamene azungu amaponyamo makobidi. Kavidiyo kena ndinali nditalemba kale kuti "madzulo mukawerenga ma K5,000 anu", ndipo chithunzi chokhacho chimene chinapezeka chinali cha manja akuwerenga madola. Amayi a m'gulu ataonera anaseka n'kufunsa kuti okala yake ndi yakuti imene amagulitsa sopo pa madola. Uthenga wonse unathera pa nthabwala imeneyo.

Choncho lembani mawu ofufuzira amene akutchula chinthu chooneka ndi maso, monga `african market`, `small shop`, `writing in notebook`, `hands phone`. Tengani timavidiyo toonetsa manja, kope, mashelufu kapena tomato pa benchi, pomwe ndalama sizikuoneka nkhope. Msika wa ku Kenya kapena ku Nigeria umadutsa bwinobwino, bola zikwangwani zake zisawerengeke. Musatsitse za 4K, zimamaliza bandulo pachabe chikhalirecho kavidiyoko anthu akaonera pa foni. Za HD n'zokwanira, ndipo zikhale zoimirira ngati mukufuna kuika pa WhatsApp kapena pa TikTok. Anyamata ogulitsa timavidiyo pa fulashi samalani nawo. Zambiri amangodula pa TV, chizindikiro cha eni ake chili pakona, ndipo Facebook ikhoza kukuchotserani.

Mukapeza timavidiyo tisanu ndi kamodzi kapena kupitirirapo, tiyaleni mu pulogalamu yolumikizira mavidiyo ya CapCut, kalikonse kakhale masekondi 8 mpaka 10, kenaka mulembe mawu okwana pa kalikonse. Mawu a Chichewa ndi aatali. Powerenga modekha ine ndimakwanitsa mawu pafupifupi 90 pa mphindi, kutanthauza mawu 12 mpaka 15 pa kavidiyo kamodzi. Theka loyamba likhoza kuyenda chonchi:

Kope ndi cholembera, masekondi 0 mpaka 10: "Mwagulitsa tsiku lonse, koma shelufu ikungophwa. Ndalama ija ikulowera kuti?"

Manja akupereka katundu, 10 mpaka 20: "Mwana watenga sopo, inu mwatapa ya ndiwo. Zonsezo zachoka pa mpamba."

Manja ali pa foni, 20 mpaka 30: "Mukatseka okala, chotsani kaye ya katundu wa mawa. Pa yotsalayo, K2,000 ilowe ku Mpamba kapena Airtel Money."

Onani kuti mawuwo sakufotokoza zomwe maso akuona kale. Kope likaoneka musanene kuti "ili ndi kope". Mu theka lachiwiri ikani masamu amodzi basi: K2,000 pa tsiku kwa masiku 30 ndi K60,000. Nambala imeneyi muilembenso pa sikirini, chifukwa khutu limataya manambala msanga, ndipo ikatchulidwa siyani masekondi awiri opanda mawu. Chenjeraninso ndi mawu akuti mpamba, popeza mu Malawi muno akhoza kumveka ngati ndalama zoyambira geni kapena akaunti ya TNM. Zikayandikana m'chiganizo chimodzi, nenani kuti TNM Mpamba. Musatchule chiwongola dzanja kapena ndalama yodulidwa potapa, zimenezi zimasinthasintha ndipo kavidiyoko kangakalambe mwezi usanathe.

Werengani mokweza, wotchi ya pa foni ikuyenda. Pomwe mpweya wakutherani, dulani chiganizo. Mukapitirira nthawi chotsani mawu, osathamangitsa liwu ngati wolengeza mabasi pa depoti.

Kujambula liwu sikulira situdiyo. Foni yomweyo ikwana, m'chipinda chogona momwe muli matilesi ndi makatani, usiku anthu atagona, mvula isakugwa pa malata. Foniyo ikhale chapambali pa kamwa kuti "p" ndi "ph" zisamaphulike. Nyimbo ikhale yaulere ndipo imveke chapansipansi. Pomaliza dzitumizireni nokha kavidiyoko pa WhatsApp, mukamvere pa foni yotchipa, ndipo ngati K60,000 uja akumveka bwino, katumizeni ku gulu.